Thobwa la apongozi tsiku lochotsa chotupa

Chotupa chija chinayamba ngati kanyemba kuseri kwa phewa lamanja, ndipo ndinkangochinyozera. Pofika chaka chimene mwana wanga wachitatu ankayamba sukulu, chinali chitakula ngati kachewere uja timaika pamwamba pa ndowa kuti ogula akopeke. Ndikakweza khasu chinkakoka, usiku ndinkagonera mbali imodzi basi. Kuchipatala anati ndi chotupa cha mafuta, si choopsa, koma chichotsedwe.

Ineyo pakamwa ndine wolimba, koma ndikaona jakisoni ndimafuna kuthawa. Adokotala ataona mmene ndinkanjenjemerera pongondipima, anati adzandipatsa mankhwala oziziritsa mtima kudzera mumtsempha. Anati si tulo tofa nato ayi, ndidzangokhala ngati ndikuwodzera, ndizipuma ndekha, akandiitana ndiziyankha, ndipo pachotupapo adzabayapo mankhwala ena oti pachite dzanzi. Anesi anandipatsa tsiku ndi malamulo ake: kuyambira pakati pa usiku osadya kanthu, phala ayi, tiyi wamkaka ayi, madzi okha ndiwo ndingamwe mpaka kutatsala maola awiri. Anatinso ndibwere ndi munthu wamkulu wondiperekeza. Za thobwa sanatchule, nanenso sindinafunse.

Tsikulo ndinkalidikira ngati mvula. Anthu ofuna opaleshoni ndi ambiri, ukaphonya tsiku lako umakayambiranso kumapeto kwa mzere. Ine ndinkafuna bala lipole nthawi younga mizere isanakwane.

Bambo a kunyumba sakanasiya dimba lopanda wothirira, choncho amayi awo, apongozi anga, anati andiperekeza ndi iwo. Ine ndinakwatiwa chitengwa, ndimakhala pamudzi pawo kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, ndipo mayi amenewa ndinkawaopa. Sanali ankhanza. Vuto lawo linali limodzi: munthu sachoka pakhomo pawo m'mimba muli pululu. Ngakhale akatekisiti ankalambalala nyumba yathu akakhala kuti akhuta kale.

Tinanyamuka kukucha, nkhungu itaphimba phiri, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Titafika pamsewu kudikira minibasi, apongozi anamasula kathumba kawo n'kutulutsa botolo la thobwa ndi kapu.

"Imwani mwanawe, milomo yachita kutuwa. Mukomoka panjira."

"Amayi, paja anandiletsa kudya."

"Nanga ndakupatsani chotafuna? Chakudya ndiye anakuletsani. Ichi n'chakumwa."

Kwathu kuno sukana chinthu chochokera m'manja mwa apongozi. Ukakana zimakhala ngati ukuti athiramo kanthu, ndipo mawu otero sachoka pamudzi. Komanso mumtima ndinkagwirizana nawo: ndani ananenapo kuti wadya thobwa? Ndinanyonyomala, n'kulandira ndi manja awiri, n'kugugudiza kapu yonse. Linali lokoma, lamawere ambiri, lolimba bwino.

Kuchipatala anandiveka chovala chawo chobiriwira chija, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kenaka kunabwera bambo wina wamfupi amene ntchito yake ndi yopereka mankhwala ogonetsa. Anandifunsa ngati ndimamwa mankhwala alionse, ngakhale achikuda, ngati mankhwala ena anandiwengapo, ngati ndili woyembekezera. Pomaliza anati, "Mwadya liti komaliza, mayi?"

"Dzulo madzulo."

Apongozi anali ataima pakhomo, kathumba kali kukhwapa. Anayankhira pomwepo mokweza, monyadira kuti amusamala bwino mpongozi wawo.

"Zoona adokotala, sanalawe kanthu ameneyu. Ndangomumwetsa thobwa lokha pamsewu paja."

Bambo uja anasiya kulemba. Anafunsa kuti linali lochuluka bwanji, ndiponso nthawi yanji. Kenaka anawaitana apongozi kuti alowe akhale pansi. Sanakalipe. Anati thobwa ndi ufa, mimba imalitenga ngati phala, limakhalitsa. Mankhwala awo amafooketsa kukhosi, moti munthu akasanza ali mkati mowodzera satha kutsokomola bwino, masanzi amalowera kumapapo, ndipo ena amatsamwa n'kufa nazo.

"Mwachita bwino kunena, agogo. Mukanakhala chete tikanamubaya m'mimba muli modzaza."

Anati pafunika papite maola asanu ndi limodzi kuchokera pamene ndinamwera. Andiika kumapeto, nthawi ikalola andichita masana, ikapanda kulola ndibwerere kumudzi ndikadikire tsiku lina.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Tinakhala pabenchi panja, ine kuyang'ana uku, iwo uko. Mumtima ndinkangoti, mayi awa, thobwa ndi lawo, pakamwa ndi pawonso! Anzanga amene ndinafika nawo limodzi ankalowa mmodzimmodzi, ena n'kutuluka atagwiriziridwa ndi abale awo. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka ndinkadzuka, koma ankaitana wina. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka. Ndinayamba kuona chaka china ndikulima ndi dzanja limodzi.

 Mayi wina wachifundo amene tinakhala naye pabenchipo ananditambasulira nthochi, ndipo ndinangoona dzanja la apongozi latchinga pakati.

"Pepani mayi, ameneyu sakudya."

Iwonso sanadye. Mbatata yophika imene anatenga inakhala m'kathumba tsiku lonse.

Anandiitana anthu atatha pabenchi. Ndinagona chammbali pabedi lopapatiza. Anandibaya kasingano kuseri kwa dzanja n'kusiyamo kapaipi, kuchala anandipanitsa kachipangizo kowala kofiira koonera mpweya m'magazi, pamkono lamba woyezera magazi uja, m'mphuno timapaipi ta mpweya. Bambo wamfupi uja anakhala kumutu kwanga. Anati ndimva kuzizira kukukwera m'dzanja, kenaka thupi lilemera. Ndinayamba pemphero la Tikuoneni Mariya, sindikudziwa ngati ndinafika pakati. Ndimakumbukira mawu a anthu akumvekera patali, ndi wina akukankha paphewa popanda ululu. Akuti anandifunsa ngati ndikumva kuwawa ndipo ndinayankha kuti athirire kabichi. Zimenezo ine sindikuzidziwa.

Nditatsegula maso bwinobwino ndinali m'chipinda china, paphewa atamatapo bandeji, mutu uli zii, kukhosi kuli gwa. Ndinapapasa kumbuyo ndi dzanja lamanzere. Phiri lija panalibe. Misozi inangotsika yokha. Ndinathokoza Mulungu, ndinathokoza bambo uja amene anandidikirira mpaka madzulo m'malo mondibweza, ndipo mkwiyo wonse unasanduka manyazi nditaona apongozi atakhala pansi pambali pa bedi, korona ali m'manja. Ine ndinali nditayankha kale kuti sindinadye. Chinandipulumutsa ndi pakamwa pawo pomwe ndinkapadandaula paja, ndipo mpaka lero ndimawayamika.

Anesi anabwera kudzandiyezanso, anandikhazika tsonga, kenaka anandiyendetsa pang'ono ndikudzandira. Anawauza apongozi kuti mpaka mawa nthawi ngati yomweyo ndisakhale ndekha, ndisaphike pamoto, ndisakwere njinga, ndisabereke mwana, ndipo bala lisanyowe. Njira ya kumudzi ndi yokwera, choncho tinagwirizana zokagona kwa mlongo wa apongozi, kuboma komweko.

"Amayi, ludzu," ndinatero.

Apongozi anathira madzi m'kapu. Anafika nayo pafupi ndi milomo yanga, n'kuima. Mayi amene moyo wawo wonse sanapemphepo chilolezo kwa munthu kuti adyetse mnzawo anatembenuka n'kuwatsatira anesi mpaka pakhomo, kapu ili m'manja.

"Anesi, pepani. Madziwa ndimupatse mwanayu?"

"Mpatseni agogo, pang'onopang'ono. Akapanda kusanza, kenaka kaphala."

"Mwati ndimupatse ndithu?"

"Mpatseni."

Anabwerera, anandigwira kumutu ndi dzanja limodzi, n'kundimwetsa kadontho kamodzi. Kenaka anachotsa kapu n'kumandiyang'anitsitsa pakhosi mpaka nditameza.