Minda Itatu ya Mtedza ku Nsaru

Pomaliza lipoti la kafukufuku wanga wa mtedza ku Chitedze, ndidalemba kuti kafukufukuyu abwerezedwe m'dziko lonse. Mayi amene ankandiyang'anira adawerenga n'kumwetulira.

"Kodi m'dziko lonsemo mupitamo pa njinga yanu ija? Nanga chinavuta n'chiyani kwenikweni?"

Ndidawauza kuti tinayesa pamunda umodzi, nyengo imodzi, ndipo mizere ya m'mphepete inadyedwa ndi mbuzi.

"Lembani zimenezo, ndi zomwe mungakonze."

Ndidalemba kuti tibwereze nyengo ziwiri, m'minda itatu ya alimi ku Nsaru, mizere ya m'mphepete tisamaiyeze. Zidaloledwa. Mvula itagwa, ndidapita kukadzala ndi alimiwo, ndipo mayi wina adandiphunzitsa kusankha mbewu yabwino. Ndidasangalala nayo ntchitoyo.