Filiji ya aphunzitsi anga ku Chilomoni

Ndinkafuna filiji yoti ndiziumitsiramo mafirizi ogulitsa kwathu ku Zingwangwa. Ndalama yake inali yokongola ku banki mkhonde, choncho ndinaigwira ndi manja awiri. Filiji ndinaiona pa gulu la WhatsApp la zogulitsa. Mwini wake analemba kuti ndimutumizireko theka pafoni kuti andisungire.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamuyankha kuti akuba ngati iye ndimawadziwa, ndalama yanga aiona ndikaona filijiyo ikugwira ntchito. Anangolemba kuti, "Chabwino mayi, bwerani ku Chilomoni."

Amene ananditsegulira chitseko anali aphunzitsi anga a Sitandade 6, atakalamba, kolala ya shati itatha. Anandizindikira nthawi yomweyo. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nditabwerera pa geti pomwepo. Za uthenga uja sanatchule.

Tsoka ilo, magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndiye panalibe poyesera filiji. Ndinayamba kumasula chikwama kuti ndingolipira ndizipita, kulipira manyazi basi.

"Ayi mwana wanga, bweza," anatero. "Ikapezeka yakufa udzadana nane. Tiye kwa mayi a golosale."

Mayi a golosalewo ndinkawadziwa, timapemphera mpingo umodzi. Tinawasiyira ndalama yonse, ndipo aphunzitsi anafotokoza pangano tonse tikumva: tiika botolo la madzi mufiliji, magetsi akayaka madziwo n'kuuma, ine ndinyamula filiji, iwo alandira ndalama. Akapanda kuuma, ndalama ibwerera kwa ine yonse. Mayiwo sapereka kwa aliyense pokhapokha tonse awiri tilipo. Ine ndinkangoti "eya, eya," maso ali pa matumba a shuga.

Mawa lake ndinabwera ndi mlamu wanga wa kagalimoto. Botolo linali gwa! Tinapita ku golosale, aphunzitsi analandira ndalama yawo, n'kupita nayo molunjika kwa alandilodi awo amene ankadikira pa khonde. Apo m'pamene ndinadziwa chimene ankafunira theka lija msanga.

Tisananyamule filiji, akazi a aphunzitsi anatuluka kuchipinda akuyenda mogwira khoma. Anatsegula chitseko cha filijiyo n'kuchotsamo timabotolo ta mankhwala obaya a matenda a shuga, n'kutikulunga m'kansalu.

"Tikasungitsa kwa aneba," anandiuza akumwetulira. "Ali ndi filiji yabwino kuposa iyi."

Sindinalakwe kukana kutumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa, ndipo mpaka lero sinditumiza. Koma mawu aja ndikanatha kuwasiya. Titakweza filiji, aphunzitsi anandipatsira botolo lija pawindo, likadali lozizira.

"Tenga, uzimwa m'njira," anatero. "Kalembedwe kako kakadali kabwino. Mu uthenga uja munalibe cholakwika ngakhale chilembo chimodzi."