Ndime ya Mwana wa Namondwe

Mayi uja ankaswa miyala kuseri kwa msika anthu ankangomutchula kuti Namondwe, ndipo dzinalo sanachite kulitola pamsewu ayi, analigwirira ntchito. Ankakhala pansi miyendo ili tambalale, mwala uli m'kati mwa mphira wa tayala kuti usathawe, nyundo ikutsika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Zikhatho zake zinali gwa! Woyendetsa lole wina anayesapo kumubera wilibala imodzi ya miyala, mpaka lero amatafunira mbali imodzi.

Sanabadwe chonchi. Anakulira kwa azakhali ake, kumene mbale yake inkakhala yomaliza kugawiridwa komanso yaing'ono kuposa zonse, ndipo akadandaula ankalandira khofi. Atakula anakwatiwa ndi wokhoma zidebe, mwamuna wa dzanja lopepuka, amene ankamumenya ngati akuwongola lata. Iye ankangopirira. Koma tsiku lomwe bamboyo anamenya mwana wawo ndi lamba chifukwa chotaya madzi, Namondwe anatola mpini wa nyundo n'kumuthyola nthiti ziwiri. Bambo anatuluka chokwawa, sanabwerenso. Kuyambira pamenepo mayiyu anaphunzira chinthu chimodzi chokha, choti ukamenya, anthu amasiya kukudyera masuku pamutu.

Mwanayo anali mmodzi yekhayo, mtsikana wofatsa, wokonda kuyang'ana pansi. Mayi ake ankamuitana kuti Kamwana ngakhale anali atafika kale ku sekondale. Pa dziko lonse lapansi Namondwe analibe china choopa koma kuti mwana ameneyu angadzamanidwe ngati mmene anamanidwira iye, kapena kuti angadzamuchokere. Chovuta chake, munthu sankamaliza naye chiganizo. Kamwana akayamba kuti, "Amayi, kusukulu tikuyesa chimanga...", iye ankadula: "Akuvuta ndani? Nditchulire dzina!" Ndiye mtsikana anazolowera kungosiya nkhani panjira.

Nkhani yomwe inasiyidwa panjirayo inali iyi. Aphunzitsi a zaulimi, bambo wowonda amene ana ankamutcha a Mizere chifukwa chokonda chingwe ndi zikhomo, anadula ndime zinayi zofanana kuseri kwa makalasi, iliyonse mamita asanu m'litali ndi asanu m'lifupi. Mbewu inali ya mtundu umodzi, yobzalidwa tsiku limodzi, imodzi pa phando, ndipo kupalira kunali kofanana. Chosiyana chinali feteleza yekha. Ndime yoyamba sinkayenera kulandira ngakhale kambulu kamodzi, kuti pokolola ikhale poyerekezera, ionetse zomwe nthakayo imapereka payokha. Zitatu zinazo zinkalandira mochulukirachulukira, theka pokulitsa, theka pobereketsa. Magulu a ana asukulu anachita maere, ndipo ndime yopanda feteleza inagwera gulu lomwe mtsogoleri wake anali Kamwana. Pomaliza mwana aliyense ankayenera kulemba lipoti lokhala ndi tebulo ndi mfundo yomaliza.

Tsiku lina masana Namondwe ankakankha wilibala ya miyala kudutsa kumpanda kwa sukulu. Mayi wina wogulitsa nthochi pageti, wa pakamwa posatseka, anamukodola.

"Anzathu, mwaiona ndime ya mwana wanu? Ana a mabwana chimanga chawo chili biriwiri, cha wanu chikuchita kupempha. Kapena anaona kuti mwana wa woswa miyala sazolowera zonona?"

Namondwe sankatha kuwerenga, koma dzina la mwana wake ankalidziwa maonekedwe ake. Linalipo pa kathabwa, patsogolo pa chimanga chachikasu, chonyozoloka, chosafika n'komwe m'mawondo, pomwe cha m'ndime zinazo chinali chobiriwira mpaka kuda. Mutu wake unatentha. Anaonanso kambale kake kaja ka kwa azakhali. Anasiya wilibala pakati pa njira, nyundo ili m'manja, n'kudumpha mpanda.

Ana anali m'munda momwemo, akuthira feteleza wobereketsa. Ankayeza pasikelo, kuboola kadzenje patali pang'ono ndi phesi, kuthira ndi kachitsekero ka botolo, n'kukwirira. A Mizere anaima pafupi ndi ndowa yodzaza feteleza woyera.

"Iwe!" anakuwa Namondwe. "Feteleza wa mwana wanga wapita naye kuti? Wathira kumunda kwa mkazi wako eti?"

"Mayi, takhazikani mtima pansi, ndikufotokozereni. Ndime imeneyo ndi dala..."

"Dala! Wavomera ndi pakamwa pako!"

Anatsomphola ndowa ija n'kulowa nayo m'ndime ya mwana wake. Ankatapa ndi dzanja lonse, kukhuthulira pa tsinde penipeni, kwina kuponyera m'kati mwa masamba, uku akutukwana aphunzitsi ndi mtundu wawo wonse. Ana anabalalika akukuwa. A Mizere anathamanga n'kugwira chogwirira cha ndowa.

"Mayi, mukupha mbewu! Mukuononga ntchito ya ana!"

Kugwira ndowa kumeneko ndiye kunali kulakwa kwawo. Namondwe anawawaza feteleza wodzaza dzanja m'maso, ndipo bambo aja atagwira kumaso akubuula, nyundo inatsika pa mkono. Phokoso lake linamveka mpaka kumpanda, thyo! Anagwa chagada pa chimanga, iye n'kuwakhalira pachifuwa, chibakera chikugwa pakamwa, pamphuno, pakamwanso. Magazi anasakanikirana ndi feteleza m'dothi. Anyamata awiri akuluakulu anayesa kumukoka, wina analumidwa chala, wina analandira chigongono pakhosi. Onsewo anagubuduzana m'ndime ya Kamwana monsemo mpaka mizere inafafanizika.

Kenaka wina anamugwira phewa kumbuyo. Namondwe sanacheuke kuti aone. Anangotembenuza nyundo chammbuyo ndi mphamvu zake zonse zoswera miyala, ndipo inapeza munthu.

"Amayi..."

Anali Kamwana. Anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pamphumi, magazi akutuluka pakati pa zala n'kutsikira pa yunifolomu. Sanalire. Ankangowayang'ana mayi akewo. Nyundo inagwa yokha m'manja mwa Namondwe, ndipo apolisi atafika anamupeza atakhala m'dothi, akubwereza mawu amodzimodzi: "Ndimamuthirira feteleza. Ndimangomuthirira feteleza."

Khoti silinamve zimenezo. Anakakhala kundende mpaka chimanga chinacha, chinauma, chinakololedwa. Ngakhale kumeneko anamenyanako kawiri, poti khalidwe silitsala pageti. Kamwana anasokedwa pamphumi n'kutengedwa ndi amalume ake, mchimwene wa Namondwe, telala wa mawu ochepa. Akuluakulu a sukulu ankafuna kumuchotsa mtsikanayo kuti mayi ake asadzapondenso pamenepo, koma a Mizere, mkono uli m'chikhakha, diso limodzi likuona mwachimbuuzi, anakana. Anati mwana sanamenye munthu, ndipo lipoti lake akulidikira ngati la wina aliyense.

Namondwe atatuluka anapeza nyumba ili zii, pa chingwe palibe yunifolomu. Anapita kwa achimwene ake, iwo anamuyankhira pakhomo osamupatsa mpando.

"Mlongo, mwana sindikumukaniza. Akafuna abwera yekha. Koma ukangokweza mawu pano, sudzamuonanso."

Anabwerera ku miyala yake. Nyundo inkatsika, koma maso anali kunjira. Anthu amene kale ankamuopa tsopano ankangomulambalala, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa chibakera.

Loweruka lina masana Kamwana anabwera, atanyamula mapepala m'pulasitiki. Anali atatalika, ndipo chipsera chinkaoneka kuchokera pa nsidze mpaka m'tsitsi. Anakhala pa mwala, patali pang'ono, poti dzanja silingafike.

"Amayi, ndabwera kuti mumve lipoti langa. Koma mundilole ndimalize."

Namondwe anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mtsikana anawerenga cholinga, kuti ankafuna kuona mmene kuchuluka kwa feteleza kumasinthira zokolola za chimanga. Anawerenga mmene anabzalira, mmene anakololera ndime iliyonse payokha, kuyanika, kutonola, n'kuyeza pasikelo. Kenaka anatembenuza pepala kuti mayi ake aone tebulo, ngakhale ankadziwa kuti sawerenga, ndipo ankaloza ndi chala mzere uliwonse.

| Ndime | Feteleza (magalamu) | Chimanga chouma (makilogalamu) |
|---|---|---|
| Yoyamba | 0 | — |
| Yachiwiri | 250 | 5.5 |
| Yachitatu | 500 | 8.5 |
| Yachinayi | 750 | 9.5 |

"Mfundo yomaliza," anawerenga Kamwana, mawu ali phee. "Zokolola zinakwera pamene feteleza ankachuluka, koma sizinakwere mofanana. Kuchoka pa magalamu 250 kufika pa 500 tinapindula makilogalamu atatu. Kuchoka pa 500 kufika pa 750 tinapindula imodzi yokha. Choncho feteleza akapitirira muyeso wina, phindu lake limachepa. Koma sitingathe kunena kuti feteleza anawonjezera zochuluka bwanji poyerekeza ndi kusathira n'komwe, chifukwa ndime yoyerekezera inawonongeka. Mbewu zake zina zinathyoka, zotsalazo zinapsa ndi feteleza wochuluka amene anathiridwa pa tsinde. Ntchitoyi iyenera kubwerezedwa."

Namondwe anayang'anitsitsa tebulo lija. Manambala sankawadziwa, koma anaona kuti mizere itatu ili ndi kanthu kumapeto, umodzi uli ndi kamzere chabe.

"Nanga yako ndi iti?"

"Iyi yopanda kanthuyi."

"Sinabereke ngakhale chitsononkho?"

"Ikanabereka, amayi. Pang'ono, koma ikanabereka, ndipo pang'ono pakepo ndi pomwe tonse timadikira. Ndime yanga ndiyo inali yofunika kuposa zonse. Palibe anandimana. Ndinkafuna kukuuzani."

Mayi uja, amene sanalirepo pamaso pa wokhoma zidebe kapena pamaso pa woweruza, anagwidwa ndi chisoni, ndi manyazi omwe. Anafuna kunena kuti pepa, koma mawuwo anali asanawatchulepo chibadwire, ndipo sanadziwe poyambira. Anayang'ana chipsera chija, n'kuona kuti kafumbi ka miyala kagwerapo. Anadzuka, natambasula dzanja kuti akapukute.

Kamwana anadzidzimuka, n'kubisa mutu ndi mapepala aja, mapewa atakwera mpaka m'makutu.

Dzanja la Namondwe linaima m'malere. Kenaka mtsikana anatsitsa mapepala, nawawongola pa bondo, nawabwezera m'pulasitiki.

"Ndikapereke Lolemba," anatero. "Amalume akundidikira."

Namondwe anamuyang'ana akutsika njira ya kumsika mpaka anasowa pakati pa anthu. Sanamuitane. Anakhalanso pansi, naika mwala m'kati mwa mphira, koma nyundo sanaitole.