Dzino Limene Ndinatumiza kwa Amalume

Amalume anga a kwa Kalindawalo ankayeza ulemu ndi supuni. Mlendo wamba ankamuthirira shuga supuni ziwiri mu tiyi, ine mwana wa mlongo wawo zinayi. Nthawi ya Chitaganya ija shuga ankapezeka kwa munthu amene wagulitsa bwino mtedza, ndipo iwo ankafuna kuti mudzi wonse udziwe.

Ndinapitako kukawapempha kuti akhale ankhoswe anga, pakuti ndinali nditapeza mbeta ku Nyimba kumene ndinkaphunzitsa. Atangothira supuni yoyamba, ndinaphimba kapu ndi dzanja.

"Wayamba kukana za m'nyumba muno?" anatero. "Pita, akakukwatitse azungu ako."

Popanda malume, kuchikazi sakanandilandira. Amayi anati ndibwerere, ndikapepese, ndikamwe. Ine mtima unali utawira, ndinakagula envulopu. Zimene ndinalemba ndikuzikumbukirabe:

"Amalume, shuga wanu sindinamunyoze. Miyezi iwili yapitayo anandizula dzino kuchipatala ku Petauke, nditatupa tsaya masiku atatu. Dzinolo ndi ilo ndakulunga m'kapepala, liyang'aneni. Bowo limenelo si la nyongolotsi monga timanenela. Adokotala anati m'kamwa muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Shuga akatsalila m'mano tizilomboto timamudya, n'kutulutsa zowawasa zimene zimasungunula dzino pang'onopang'ono. Malovu amatsuka ndi kulimbitsanso dzino, koma amafuna mpata, ndipo ine mpatawo sindinali kuwapatsa: tiyi kanayi pa tsiku, womwa mosafulumila. Bowo likafika pamtsempha, bambo wandevu amalila ngati khanda. Ine ndinalila. Mano ena awili ayamba kuda. Tsono ndakhala ndikuchotsa theka la supuni sabata iliyonse, ndipo lilime lazolowela, moti zinayi lelo zimandipatsa nselu. Ndimatsukanso ndi mswachi. Kukulimilani ndidzakulimilani, kugwada ndidzagwada, koma supuni yachiwili sindimwa. Mukakana unkhoswe, ndikhala wosakwatila, ine ndi mano anga."

Nditaponya kalatayo ndinachita mantha, koma sindinalembe ina yofewa. Panapita masabata atatu kuli zii. Makolo a mtsikana anayamba kufunsa ngati ndili ndi abale.

Loweruka lina amalume anatsika lole pa Nyimba, jekete lili mbuu ndi fumbi. Moni sanandipatse. Anandiika kapepala kaja m'manja.

"Tenga chonyansa chako. Munthu wanzelu amatumiza zotele kwa malume wake? Tiye, nditsogolele."

Kuchikazi tinakhala pamphasa, mayi a mtsikana n'kubwera ndi tiyi. Shuga anachita kugula chifukwa cha ife. Anathira supuni imodzi m'kapu mwanga, natapanso ina. Kukana shuga wa apongozi tsiku loyamba n'kuthetsa ukwati usanayambe, komabe dzanja langa linali litanyamuka kale.

La amalume linandipitirira, linaphimba kapu yanga.

"Uyu imodzi chabe, amai. Ndi mwana wanga, ndimudziwa. Zitatu zakezo thilani m'kapu mwanga muno."