Botolo la Nelesi M'nyumba Imene Inatsekedwa

Bambo Yotamu Sakala a ku Kanakantapa anayamba kuumba zidina, njerwa zosawotcha, asanakwatire. Atakula anaphunziranso kuumba mabuloko a simenti, ndipo anamanga nawo nyumba ya malata. Nyumba yawo yakale ya zidina, ya makoma ochindikala ndi denga la udzu, inatsekedwa chimwalirire akazi awo oyamba momwemo. Apabanja ankaopa ngakhale kukhudza chitseko chake.

Mwana wawo wotsiriza, Nelesi, ali ndi matenda a shuga, ndipo moyo wake umadalira jakisoni wa insulini, mankhwala amene amawonongeka akatenthedwa. M'chaka cha chilala magetsi ankazima nthawi yaitali, firiji ya pagolosale imene ankasungitsamo botolo inasanduka kabati wamba. Bambo Sakala anaika botololo pakashelefu ka khoma la kumadzulo, popeza m'mawa khomalo linali lozizira.

Okutobala ali pakati, Nelesi anayamba kumwa madzi kosaleka, maso nkulowa. Tsiku lina dzuwa litangolowa, Mayi Lister, akazi a tsopano a Bambo Sakala, anatsamira khoma lija nkudzidzimuka.

"Atate ake Nelesi, gwirani apa! Dzuwa kulibe, manje moto uyu uchoka kuti?"

Bambo Sakala anagwira khomalo. Mabuloko opyapyala aja ankamwa dzuwa masana onse, ndipo madzulo ankatulutsira kutenthako m'nyumba, pamene panali botolo.

M'mawa mwake kuchipatala namwino anati mankhwalawo awonongeka, nawapatsa botolo lina, nawachenjeza kuti mwezi umenewo linanso kulibe.

Pobwerako, dzuwa lili paliwombo, analunjika kunyumba yotsekedwa ija.

"Mufuna kuika mankhwala a mwana wanga kwa akufa?" anafunsa Mayi Lister.

"Malemu sanadanepo ndi mwana, amake Nelesi. Nipaseni kiyi."

Bambo Sakala analowa okha. M'katimo munali fungo la mileme, koma munali mozizira ngati m'mawa. Khoma lochindikala la dothi limachedwa kutentha ndipo limachedwa kuzizira. Kutentha kwa masana kusanalipyoze, kunja kumakhala kutada kale. Silipanga chisanu ngati firiji, limangosunga nyumba pakati pa kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa mbandakucha. Anaika botolo pansi, patsinde pa khoma la kum'mwera. Dzuwa likalowa ankatsegula mazenera kuti makoma ataye kutentha, m'mawa nkutseka.

Sabata yonse Mayi Lister ankayang'ana mwanayo akagona, kuti aone ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Kenaka ludzu linachepa, Nelesi napempha chinangwa chootcha.

Bambo Sakala akupitirizabe kuumba. Akachoka kukagwira ntchito ku Silverest, amene amakatenga botolo ndi Mayi Lister. Amaima kaye pakhomo, nkunena motsitsa mawu kwa malemu aja kuti, "Odi, akulu anga," kenaka amalowa mofulumira.