Zilembo Zitatu Zimene Ndinafufuta

Lipoti lija linali lonenepa ngati njerwa ziwiri zosanjikiza, ndipo ine ndi amene ndinalitaipa lonse. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ulembi mu ofesi ina yoona za madzi pa boma la Mzimba. Lipotilo linkafotokoza mijigo ndi zitsime za kumwera kwa boma, kuyambira ku Luwawa kutsika mpaka ku Embangweni. Komiti yatsopano, ya anthu oti sanaonepo mkati mwa mjigo, inkayembekezera kuliwerenga kuti isankhe midzi yokakumbako mijigo ina. Mudzi wa kwathu unalimo, patsamba lakumapeto. Kumeneko kumakhala achemwali anga, a bondo lotupa, amene chaka chilichonse kukatentha amatsetsereka ndi ndowa kukafukula madzi kudambo.

Bwana wanga, injiniya wochokera ku Lilongwe, anandiitana m'mawa wina.

"Mayi, anthu awa satha kuwerenga izi. Pangani mndandanda wa zidule zonse, ndi wina wa mawu ovuta ndi matanthauzo ake. Tiika kutsogolo."

Ndinati chabwino, koma mumtima ndinkatukwana. Amuna ophunzira amalemba zilembo zawo ngati nkhuku zapalasa, kenako wosesa ndine. Komabe ntchitoyo ndinaikonda, ndisaname. Ndinasindikiza lipoti lonse, n'kutenga cholembera chofiira. Chidule chilichonse ndinkachizunguliza, n'kulemba m'kope tsamba limene chayamba kuonekera. Pamalo oyambawo mawu amayenera kulembedwa athunthu, chidule chake n'kutsatira. Kutsogoloko chidule chokha chikwanira. Mawu ovuta ndinkafunsa bwana, iye n'kundiyankha Chingelezi chotalika, ine n'kuchidula mpaka chiganizo chimodzi choti khansala wolima fodya amve. Ndikatero ndinkasanja zonse motsatira alifabeti. Lamulo lake bwana anandiuza kawiri konse: chilichonse chili m'lipoti chipezeke pamndandanda, ndipo chili pamndandanda chipezeke m'lipoti.

Zonse zinatheka kupatula chimodzi. M'matebulo a kumapeto, m'danga lomaliza la ndemanga, munali zilembo zitatu: DBR. Sizinali pa mjigo uliwonse ayi, zinali apa ndi apo. Pa mzere wa mudzi wathu zinalipo.

Bwana anati sakuzidziwa. Dalaivala anaseka, nati mwina ndi dzina la chibwenzi cha munthu. Amene analemba mitu ya pakati, katswiri wina wa mumzinda, anayankha pafoni kuti matebulo anangowalandira momwemo. Onse ankaloza munthu mmodzi, bambo wachikulire amene anayenda pa njinga yamoto mjigo ndi mjigo, akuyeza madzi ndi chingwe. Koma bamboyo anali atadwala sitiroko miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo anali kwawo kufupi ndi Edingeni.

Loweruka ndinakwera galimoto ya matola, fumbi lili kobo, mpaka ndinafika. Ndinawapeza atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, dzanja lamanja lili lende. Akazi awo anandilandira bwino, nandiyalira mphasa. Ndinagwada pafupi, n'kuwaonetsa pepala lomwe ndinalembapo zilembo zija zikuluzikulu.

"Dada, izi zikutanthauza chiyani?"

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Milomo inagwedera. Anakweza dzanja lamanzere n'kuloza kumwamba, kenako pansi, kenako kumwamba. Mawu amene anatuluka anali amodzi okha, omwe ankatuluka pa chilichonse chiyambire matendawo: "Yewo," zikomo wa m'Chitumbuka. Anabwereza, misozi ikutsika. "Yewo, yewo."

"Mbwenu ndi momwemo, mama," anatero akazi awo. "Kaya akufuna madzi, kaya akumva kuwawa, ndi yewo basi."

Ndinafunsa za makope awo a ntchito. Mayiwo anati katundu wa kunyumba ya lendi ku boma anamangidwa m'matumba ndi achibale, ndipo sakudziwa thumba lake. Ndinabwerera chimanjamanja.

Lolemba ndinauza bwana kuti tilembe pamndandanda kuti tanthauzo la DBR silinatsimikizike. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi ake.

"Lipoti lopita ku komiti livomere lokha kuti eni ake sakulidziwa? Mayi, mndandanda sukhala ndi mpata. Pezani tanthauzo, apo ayi zichotseni. Lachitatu tikusindikiza."

Pano ndiye pamene ndimadzida. Pakamwa ine mpakuthwa, ndinakanganapo ndi bwana yemweyo pa nkhani ya tiyi weniweniyu. Koma tsiku limenelo ndinangoti chabwino bwana. Ndinali nditatopa, komanso ndinkafuna mndandanda wanga ukhale woyera, wopanda chilema. Ndinauza kompyuta isake zilembo zitatuzo paliponse, ndipo ndinazifufuta chimodzichimodzi. Pa mzere wa kwathu ndinaima pang'ono, kenako ndinafufutanso. Sizinanditengere ngakhale mphindi zisanu.

Komiti inakumana. Ndinalowamo kukapereka mapepala, ndipo ndinamva ndi makutu anga mayi wina, khansala watsopano, akuyamikira. Anati aka n'koyamba kuwerenga lipoti la akatswiri osasochera, akakakamira amangobwerera kutsogolo n'kupeza tanthauzo. Ndinasangalala, Mulungu andikhululukire. Anawerenga bwinobwino, namva zonse, nasankha mwachilungamo malinga ndi zomwe zinali papepala. Midzi yopanda mjigo ndi ya mijigo yowonongeka inalowa. Mjigo wa kwathu unalembedwa kuti ukugwira ntchito, ndemanga palibe, ndiye mudzi wathu anaudumpha.

Patapita miyezi, bambo aja anamwalira. Maliro atatha, akazi awo anabwera ku boma kudzasainira mapepala, ndipo anandipatira kope lakuda, lopindika m'makona, lonunkha petulo.

"Munkafuna ili, mama? Linali m'thumba la nsapato."

Ndinatsegula. Mkati mwa chikuto, ndi dzanja lawo laukhondo lija, bambowo anali atalemba mndandanda wawo wa zidule, wosanjidwa bwino kuposa wanga. Sanasiye kanthu. DBR inali pamzere wachinayi, mawu atatu a Chingelezi onena kuti mjigo umauma mvula isanagwe. Pansi pake anawonjezera kuti anayeza madzi mvula itangotha, pamene pansi pali pokhuta, choncho mijigo yotereyi ioneka yamoyo koma anthu ake anawauza kuti mwezi wa Okutobala imatulutsa mpweya wokha.

Kumwamba, pansi, kumwamba. Munthu uja ankandionetsa mvula, ine n'kumangoti pepani dada.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ine ndinkadziwa kuti mjigo wa kwathu umauma. Ndinaupopapo ndekha, chitsulo chikungolira. Ndikanangotenga midzi itatu ya zilembo zija n'kufunsa anthu ake kuti mijigo yanu ikufanana chiyani, bwenzi nditapeza. Koma ine ndinkasaka tanthauzo m'mapepala ndi pakamwa pa mabwana.

Ndinapita nalo kopelo kwa bwana. Anawerenga, napukusa mutu, nati n'zomvetsa chisoni chomene, koma makina okumba anapita kale, ntchito ikutsekedwa, mwina pakadzabwera ina. Ndinalemba tsamba lokonza cholakwikacho, iye anasaina, ndipo linalowa mu failo. Sindinamvepo kuti wina analiwerenga. Ntchito inatsekedwadi, bwana anabwerera kwawo, ndipo ina ija sinabwere mpaka lero.

Okutobala wa chaka chimenecho ndinapita kumudzi. Achemwali sindinawapeze pakhomo. Ndinawatsatira kudambo, n'kuwapeza atakhala pansi m'mbali mwa dzenje, mwendo wodwalawo atautambasula, akudikira madzi asonkhane kuti atunge ndi kapu. Ndinawalanda ndowa. Tikukwera chitunda pang'onopang'ono anandifunsa, mopanda mkwiyo uliwonse:

"Iwe, paja unati ndiwe ukulemba buku la mijigo lija. Kodi sunawauze kuti wathu umauma?"

Ndinati analemba ndi ena, achemwali, ine ndinkangotaipa.