Kalata yanga siinafike kwa a Rejisitara

Ndinali m'chaka chomaliza pa koleji ina yaing'ono ya m'tauni ya Balaka, kumene ndimaphunzira za chitukuko cha kumidzi, pamene adokotala anandipeza ndi zotupa za m'chiberekero. Ndinali nditavutika nazo nthawi yaitali ndisakudziwa chimene chinkandidya. Mwezi uliwonse ndimataya magazi ambiri, ndipo m'kalasi ndimakhala kumbuyo, chitenje chili m'chikwama, kudikira kuti anzanga onse atuluke ndisanaimirire.

Chipatala chimene chinandiunika chili mbali ya Machinga, kutsidya kwa Shire. Dokotala wa matenda a amayi sankakhala pomwepo, amangobwera masiku owerengeka kuchokera kwina, ndipo mndandanda wa omudikira unali wautali. Atandiona anandipatsa mankhwala owonjezera magazi, nkundilembera tsiku: kugonekedwa Lachiwiri, opaleshoni Lachitatu. Anandiuzanso mosabisa kuti cholinga chawo nkuchotsa zotupa zokha, koma magazi akakana kusiya ali mkati mwa ntchito, akhoza kuchotsa chiberekero chonse kuti andipulumutse.

Ndandanda wa mayeso utatuluka ndinapeza kuti pepala langa lomaliza, la kachitidwe ka kafukufuku, lagwa Lachinayi la sabata yomweyo. Ndinabwerera kuchipatala kukapempha tsiku lina. Anamwino anati ndikalisiya limeneli ndipita kumapeto kwa mndandanda, ndipo magazi anga sangadikire choncho.

Lamulo la pakoleji linali losavuta. Wodziwiratu kuti sadzalemba mayeso amalembera kalata a Rejisitara mayesowo asanafike, nkuphatikizapo umboni wa kuchipatala. Akavomera, umalemba pambuyo pake mayeso amene timawatcha difedi, ndipo malikisi ako amawerengedwa onse ngati walemba ndi anzako. Ukangosowa popanda chilolezo amakulemba kuti walephera. Ukatero umalemba sapu, mayeso a olephera, amene ngakhale ukhoze motani amangokupatsa malikisi a pamzere wopambanira basi.

Kalatayo ndinailemba katatu pofuna kuti Chingerezi chake chikhale choyera. Ndinatchula nambala yanga ya pasukulu, dzina la phunziro, tsiku la mayeso ndi tsiku la opaleshoni, nkupempha kuti andilole kulemba difedi ndikachira. Aphunzitsi oyang'anira gawo lathu anasainira pakona kuti aiona. Kumbuyo ndinamata ndi sitepula kalata ya adokotala, yachidindo, mmene analembamo zonse, ndi za chiberekero zija zomwe.

Makalata a a Rejisitara amalandiridwa ndi sekilitale wawo, ndipo ine ndinkadziona wamwayi chifukwa mayiwo sanali mlendo kwa ine. Anali azakhali a mwamuna amene anali atanditomera, mphunzitsi wa pulayimale wa ku Rivirivi. Malume ake ndi malume anga anali atakumana kale kwathu kwa Kalembo, ndipo chinkhoswe chinali choti chichitike ndikangomaliza sukulu. Mayiwo amanditchula kuti mpongozi ngakhale pamaso pa anthu, ndipo masana ena amandigawira mbatata yootcha pakhomo la ofesi.

Tsiku limene ndinapita ndi kalatayo anandilandira ndi nsangala. Anawerenga tsamba loyamba akugwedeza mutu mwachisoni. Atatembenuza nkufika pa kalata ya adokotala anavala magalasi, nkuiwerenga mpaka pansi, nkubwereranso pamwamba.

“Mwana wa achimwene anga akudziwa zimenezi?” anandifunsa.

“Akudziwa kuti ndili ndi chotupa, mayi, ndipo ndikachitidwa opaleshoni.”

“Iyayi, ndikunena izi zalembedwa pansipa.”

Zoona zake nzakuti sindinamuuze. Ndinkaopa, ndipo ndinkadziuza kuti palibe chifukwa chomuopsezera ndi chinthu chimene mwina sichichitika.

Anaika kalatayo m'dirowa, osati m'thireyi ya makalata olowa imene inali patebulo pomwepo. Ndinaona ndithu. Ndinali ndi fotokope ya tsamba loyamba m'manja, ndipo ndinapempha kuti andidindire kusonyeza kuti alandira.

“Chidindo chili kwa abwana, ndipo atuluka,” anatero. “Kodi mpongozi, ndi ine ndi iwe mpaka zidindo? Pita ukakonzekere, ndiwapatsa ndekha m'manja.”

Ndinachita manyazi ngati ndawanyoza. Ndinapinda fotokope yanga nkutuluka. Masiku otsatira ndinapitako kawiri kukafunsa yankho, ndipo kawiri konse anati abwana aiona, yankho lolemba lichedwa chifukwa ndi nyengo ya mayeso, ndisade nkhawa. Ndinalemba mapepala anga anayi, Lachiwiri nkukwera minibasi ndi mayi anga kupita kuchipatala.

Opaleshoni inayenda bwino. Nditatsitsimuka, adokotala anati achotsa zotupa zokha, chiberekero achisiya, ndipo ndikapola bwino mwayi wobereka ulipo. Mayi anga anagwada pambali pa bedi nkuyamba kuthokoza Mulungu m'Chilomwe, chimene amayankhula pokhapokha mtima ukadzaza. Ndinawapempha kuti amuimbire foni mwamuna uja. Inaitana osayankhidwa. Mawa lake inali yozima. Masiku onse amene ndinagona m'wodi muja sanabwere, ngakhale wachibale wake mmodzi.

Nditatuluka ndinakachirira kwa Kalembo. Patapita sabata imodzi, m'mawa wina kunafika njinga yamoto ili ndi anthu awiri, malume a mwamuna uja ndi m'bale wawo wina. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi malume anga. Ine ndinali pamphasa pakhonde, chifukwa bala linali lisanandilole kukhala nthawi yaitali pampando, ndipo ndimamva zonse.

Atatha malonje, mkulu uja anatulutsa pepala m'thumba la jekete. Ndinalizindikira lisanatambasulidwe nkomwe. Pakona pake panali pong'ambika pamene panali sitepula. Anayamba kuliwerenga mokweza, Chingerezi chikumuvuta, mnzake nkumamasulira m'Chichewa. Anawerenga za masiku anga a kumwezi, kuchuluka kwa magazi, kukula kwa zotupa. Amayi awiri oyandikana nafe amene amadutsa ndi zidebe anaima pampanda, ndipo palibe anawathamangitsa.

“Ndiye mumafuna mutipatse munthu wopanda chiberekero mwakachetechete?” anatero mkuluyo.

Mayi anga analowa m'nyumba nkutenga buku langa la kuchipatala. “Werengani umu, bambo. Sanachotse. Mwanayu ali bwinobwino.”

Sanalilandire nkomwe. “Zimenezo alemba okha amene anamung'amba. Ife mwana wathu sitingamuike poyesera. Komanso wabisa ichi, mawa adzabisa chiyani?”

Ndinadzikoka mpaka kuimirira, nditagwira nsanamira, nkupempha kuti andibwezere kalatayo chifukwa inali ya kusukulu. Anaipinda nkuibwezera m'jekete, nati ndi umboni wawo. Chitomero chinathera pamenepo. Mwini wake sananene chilichonse, kupatula uthenga umodzi wa pafoni patapita masiku, wakuti akuluakulu atsogola ndipo iye sangawatsutse.

Ngakhale zinali choncho, ndinkaganizabe kuti tsamba loyamba lija linafika. Zotsatira zitatuluka, mnzanga wina anandijambulira pabolodi nkunditumizira. Maphunziro anayi ndinakhoza bwino kwambiri. Pa lachisanu analemba kuti sindinabwere, ndalephera.

Ndinapita ku Balaka ndikuyenda chowerama. A Rejisitara anali bambo wotanganidwa, wosakonda kukweza mawu. Anamvetsera, anatsegula faelo yanga, naitembenuza kuti ndione ndekha. Munalibe kalata. Anaitanitsa buku lolembamo makalata olowa, namonso dzina langa munalibe.

“Muli ndi kope lodindidwa?”

Ndinatulutsa fotokope yanga. Anaiyang'ana uku ndi uku. “Iyi ikusonyeza kuti munalemba kalata ndipo aphunzitsi anu anaiona. Sikusonyeza kuti inafika muno.”

Anaitana sekilitale. Mayi aja analowa ndi kabuku m'manja, nkundipatsa moni ngati akundiona koyamba.

“Wophunzirayu akuti anakupatsani kalata.”

“Ine? Iyayi, bwana. Anabwera inde, kudzafunsa kachitidwe kake, ndinamulongosolera. Ndimayesa abweranso nayo.”

“Mayi,” ndinatero, “nanga kalata ya adokotala inafika bwanji m'manja mwa achibale anu? Anaiwerenga pakhomo pathu anthu akumva.”

Anatembenukira kwa abwana awo, osati kwa ine. “Mwanayu anali pachibwenzi ndi mwana wa achimwene anga, ndiye zinatha. Zikumuwawa, ndikumvetsa. Zimene amapatsana awiriwo ine sindingazidziwe.”

A Rejisitara anatseka faelo. Anati nkhani za kubanja si za ofesi yawo. Anati sakukayika kuti ndinadwala, buku la kuchipatala analiona, koma pempho limayenera kufika mayeso asanalembedwe, ndipo komiti ya mayeso inali itavomereza kale zotsatira. Anati ndikhoza kuchita apilo, koma komiti yake inali yoti idzakumane sapu italembedwa kale, ndipo wochita apilo samalemba sapu mpaka nkhani yake itagamulidwa. Apilo ikakanika ndiye kuti ndidikira chaka chamawa. Anandiuza kuti ndisankhe ndekha.

Ndinapita kwa aphunzitsi aja amene anasaina. Anandimvera chisoni, nati iwo angachitire umboni za siginecha yawo yokha, osati za kumene pepala linapita litachoka patebulo pawo.

Ndinasankha sapu. Ndinalemba m'holo imodzi ndi anyamata amene chaka chonse amakopera ntchito zanga, ndipo mmodzi anafunsa mokweza ngati nzeru zanga anazichotsera limodzi ndi chiberekero. Holo yonse inaseka, ngakhale woyang'anira mayeso anabisa pakamwa ndi pepala. Nkhani inali itafika kale pakoleji ponse. Mafunso onse ndinkawadziwa. Ndinalemba mpaka bala linayamba kukoka, ndikudziwa kuti kaya ndilembe zotani, malikisi ake ndi omwewo a pamzere. Phunziro limodzi limenelo linatsitsa dipuloma yanga kuchoka pa gulu lapamwamba limene ndinalivutikira zaka zonse, nkukhala wamba.

Satifiketi timakatengera ku ofesi yomweyo. Ndinadikira miyezi ingapo ndikuyembekeza kuti mwina mayi aja asamutsidwa, koma bungwe lina la ku Nsamala limene linandiitana kuntchito linafuna pepala lenileni. Ndinawapeza ali pampando wawo, pamzere pali ophunzira ena asanu. Anafufuza envelopu yanga mosafulumira, nandisonyeza posaina.

“Wanenepatu,” anatero. “Mwana wathu uja anakwatira, unamva? Mkazi wake ndi woyembekezera kale.”

Ndinasaina, koma siginecha sinafanane ndi ya pachitupa changa. Anaiyang'anitsitsa, nkundiuza kuti ndisainenso bwinobwino pamzere wapansi, anthu akudikira.